Mbaula Ziwiri Zamakala: Mafunso ndi Mayankho pa Kayesedwe Kosakondera

Aliyense wogulitsa mbaula mumsika wa Mzuzu amanena kuti yake ndiyo sidya makala, ndipo wogula sangamutsutse chifukwa alibe poyambira. Tsamba lino likuyankha mafunso a munthu amene akufuna kuika mbaula ziwiri pambalipambali, kuziyesa mofanana, kenaka kuuza anzake zimene wapeza. Mbaula zimene tatenga ndi ziwiri zodziwika m'makomo ambiri a ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo: yoyamba ndi yachitsulo chokhachokha imene amisiri amakhoma kuchokera ku malata kapena migolo yakale, ndipo yachiwiri ndi yachitsulo kunja koma yokhala ndi dongo lowotcha mkati, imene ambiri amaitchula kuti jiko.

Nchifukwa chiyani mwasankha mbaula ziwiri izi, osati mbaula yamakala ndi Chitetezo Mbaula?

Zinthu ziwiri zimayerekezeka pokhapokha ngati zimagwira ntchito imodzi ndipo munthu akhoza kugula ichi m'malo mwa icho. Chitetezo Mbaula ndi yadothi ndipo imagwiritsa ntchito nkhuni, choncho kuiyerekeza ndi mbaula yamakala ndiko kuyerekeza nkhuni ndi makala, osati mbaula ndi mbaula. Ziwiri zathuzi zonse zimadya makala, zonse zimanyamula poto wa banja, ndipo zimasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu, chomwe ndi dongo lamkati lija. Jiko anaipanga ku Kenya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 potengera mbaula ina ya ku Thailand, ndipo cholinga cha dongolo ndi kuletsa kutentha kuthawira m'mbali kuti kukwere kupita pa poto. Funso la mayeso athu ndi lakuti, kodi dongolo limachitadi zimenezo pa mbaula imene ili m'manja mwathu, ndipo kodi phindu lake likukwanira ndalama zoonjezera zimene timalipira.

Kukula kwa mbaulazo kukhalenso kofanana. Mukatenga jiko yaing'ono ya banja la anthu atatu nkuiyerekeza ndi chimbaula chophikira mu lesitilanti, yaing'onoyo ipambana pa makala popanda chifukwa china koma kuchepa kwa mimba yake.

Kodi mfundo zoyerekezera timazisankha liti, ndipo zikhale zingati?

Mfundo zilembedwe papepala moto usanakolezedwe. Chifukwa chake nchakuti munthu akaona kale zotsatira, mtima wake umakokera ku mfundo imene ikukometsa mbaula imene amaikonda, ndipo amachita zimenezi osazindikira nkomwe. Ngati jiko yawiritsa madzi mochedwa, woikonda adzanena kuti liwiro si kanthu, ndipo ikawiritsa msanga yemweyo adzanena kuti liwiro ndiye nkhani yonse.

Pa mbaula zamakala mfundo zinayi zimakwanira. Yoyamba ndi kuchuluka kwa makala amene apita pa ntchito imodzi yodziwika, ndipo timayeza m'magalamu. Yachiwiri ndi nthawi imene madzi amatenga kuti awire, m'mphindi. Yachitatu ndi kumvera kwa moto, ndiko kuti ngati wophika angathe kuuchepetsa ndi kuukweza pogwiritsa ntchito kachitseko ka mpweya. Yachinayi ndi kukhazikika kwa mbaula pamene munthu akuvundula nsima. Ziwiri zoyambazo zimayezedwa ndi sikelo ndi wotchi, pamene ziwiri zinazo zimadalira maso ndi manja a wophika, ndipo polemba nkhani yanu muyenera kusiyanitsa poyera zimene mwayeza ndi zimene mwangoona. Mtengo ndi kulimba nazonso nzofunika, koma sizimapezeka pa tsiku la mayeso, choncho tidzazikamba pazokha.

Mawu ngati "yabwino", "yamphamvu" kapena "yamakono" si mfundo, popeza palibe amene angawayeze kapena kuwatsutsa.

Ndi zipangizo ziti zimene sitingachite popanda izo?

Chofunika kwambiri ndi sikelo yamabatire yakukhitchini imene imaonetsa galamu imodzi imodzi. Sikelo yokoleka imene amayezera chimanga kapena nyemba kumsika siingathandize, chifukwa mizere yake imadumpha magalamu 50 kapena 100, pamene kusiyana kumene tikufunafuna kukhoza kukhala kochepera pamenepo. Kuti mutsimikize kuti sikeloyo siikunama, yezani lita imodzi ya madzi, imene iyenera kulemera kilogalamu imodzi mutachotsa kulemera kwa chotengeracho. Kupatula sikelo mufunika wotchi ya pafoni, themomita yofika madigiri 100, poto mmodzi, mbano yogwirira makala amoto, ndi chitini chokhala ndi chivundikiro chothina chozimitsiramo makala otsala.

Poto akhale mmodzi yemweyo pa mbaula zonse ziwiri. Mapoto awiri ooneka ofanana amatha kusiyana kukhuthala kwa pansi pake, ndipo wina akhoza kukhala ndi mwaye wambiri kuposa mnzake. Izi zikutanthauza kuti mbaulazo siziyesedwa nthawi imodzi koma motsatizana, zimene zimabweretsa vuto lake la nyengo limene tikambe pansipa.

Nanga makala, poti thumba lililonse limakhala ndi khalidwe lake?

Apa ndi pamene mayeso ambiri apakhomo amaonongekera. Makala a mitengo yachilengedwe monga mombo ndi tsamba ndi olemera ndipo amayaka pang'onopang'ono, pamene makala a paini ndi opepuka, amagwira moto msanga nkutha msanganso. Ngakhale m'thumba limodzi, pamwamba ogulitsa amaika zibulumwa zikuluzikulu zokopa maso, pakati pamakhala tizidutswa, ndipo pansi pamadzaza fumbi. Mukapatsa mbaula yoyamba makala apamwamba nkupatsa yachiwiri apansi, ndiye kuti mwayesa thumba, osati mbaula.

Njira yake ndi kukhuthula thumba lonse pa saka, kuchotsa fumbi ndi zikuni zimene sizinapse bwino, kuphwanya zibulumwa zazikulu kuti zonse zikhale pafupifupi ngati dzira la nkhuku, kenaka kusakaniza bwinobwino ndi kugawa m'timatumba ta pulasitiki tomanga pakamwa. Kumanga pakamwako nkofunika makamaka kuno ku Mzuzu, kumene mvula imapitirira mpaka mu Epulo ndipo m'mawa wa miyezi yozizira mumakhala nkhungu. Makala amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akanyowa amalemera kwambiri pa sikelo koma nkupereka moto wochepa, chifukwa gawo la kutentha kwake limathera poumitsa madzi amene ali mkati mwake.

Chokolezera nachonso chikhale chofanana, mwachitsanzo tizidutswa ta nkhuni touma ta magalamu 30 pa mbaula iliyonse. Majumbo amene ambiri timayatsira moto asiyeni, chifukwa utsi wake ndi woipa ku thupi ndipo simungathe kuwayeza mofanana. Kukupiza kukhale ndi malire ogwirizana, kaya mphindi ziwiri pa mbaula iliyonse, popeza dzanja lokupiza mwakhama mbaula imodzi likhoza kuipambanitsa lokha.

Kodi chilungamo sindiye kuthira makala ofanana m'mbaula zonse ziwiri?

Ambiri amaganiza choncho, koma si nthawi zonse. Mbaula yachitsulo kawirikawiri imakhala ndi mimba yakuya, ndipo mukaikamo makala ochepa amakhala patali ndi poto, moti moto wake umatayika usanafike. Jiko ili ndi mbale yadongo yosaya, ndipo mukaidzaza kupitirira mlingo, makala amakhudza pansi pa poto nkutsamwitsa moto. Mlingo umodzi wa makala ukhoza kukhala woyenera mbaula imodzi ndi wolakwika pa inzake, choncho amene wasankha mlingowo wasankhiratu wopambana.

Chimene chiyenera kufanana ndi ntchito, osati chakudya cha mbaula. Mbaula iliyonse ipatsidwe makala amene imagwira nawo bwino, koma muyeze amene mwaikamo, muyeze amene mwaonjezera pakati pa ntchito, ndipo muyeze amene atsala pomaliza. Amene apita ndiwo oikamo onse kuchotsapo otsala. Kuti mudziwe mlingo woyenera mbaula iliyonse, phikiranipo masiku angapo mayeso asanayambe. Munthu amene waphikira pa mbaula yachitsulo moyo wake wonse amaidziwa mtima wake, ndipo akaikidwa pa jiko tsiku loyamba amaiwala kutseka kachitseko kapena amaidzaza mopyola muyezo. Zotsatira za tsiku limenelo zimaonetsa kusazolowera kwa wophika, ndipo siziyenera kuwerengedwa.

Makala otsala musawazimitse ndi madzi, chifukwa adzalemera kuposa mmene alili. Atoleni ndi mbano, muwagwedeze phulusa, muwaponye m'chitini nkuvundikira, ndipo moto ukazima chifukwa chosowa mpweya muwayeze.

Mayeso enieniwo amayenda bwanji, kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Njira yodziwika padziko lonse ndi mayeso owiritsa madzi, amene bungwe la ku America lotchedwa VITA linawalemba mwadongosolo m'zaka za m'ma 1980, ndipo masiku ano malo oyezera mbaula amatsatira muyezo wa ISO 19867-1 wa chaka cha 2018. Pakhomo sitingakwanitse zonse za m'miyezo imeneyi, koma mafupa ake tingawatsatire. Madzi amasankhidwa chifukwa sasintha khalidwe ngati nyemba, ndipo kuwira kwake aliyense amakuona.

Gawo loyamba limayamba mbaula ili yozizira. Thirani malita 2.5 a madzi m'poto powayeza pa sikelo, lembani kutentha kwake, kolezani moto, ikani poto, ndipo muyambe kuwerenga nthawi pamene mwayatsa machesi, osati pamene makala agwira, chifukwa kuvuta kugwira moto nakonso ndi khalidwe la mbaula. Madzi akawira lembani mphindi. Gawo lachiwiri likutsanzira kuphika ndiwo zochedwa kupsa: chepetsani moto potseka kachitseko ka mpweya, ndipo musunge madziwo akungotokota pang'ono pansi pa kuwira kwa mphindi 45. Pomaliza yezani makala otsala ndi madzi otsala m'poto.

Pali gawo lina limene anthu amalidumpha, lomwe ndi kubwereza kuwiritsa madzi atsopano mbaula ikadali yotentha. Gawoli ndi lofunika pa mbaula zathu ziwirizi chifukwa dongo limayamba lamwa kutentha lisanayambe kukubweza. Pa moto woyamba wa m'mawa jiko imaoneka yaulesi, pamene chitsulo chopyapyala chimatentha nthawi yomweyo, koma pa poto wachiwiri dongo lotentha kale limakhala likuthandiza. Munthu wongowiritsa tiyi m'mawa amakumana ndi khalidwe loyambalo, ndipo mayi wophika ndiwo, nsima ndi madzi osamba motsatizana amakumana ndi lachiwirilo. Kuyesa gawo limodzi lokha ndiko kukondera mmodzi wa anthu awiriwa.

Za chivundikiro, sankhani kumodzi nkukhala komweko. Pakhomo timavundikira, ndipo ine ndimakonda kuti mayeso apakhomo atsatire zimene timachitadi, bola zilembedwe. Malo akhale amodzi, pakhonde kapena m'khitchini yapanja yopita mphepo koma yosaomba mwachindunji pa mbaula.

Themomita yanga ikukana kufika madigiri 100 ngakhale madzi akubwata. Kodi yaonongeka?

Siinaonongeke. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo malo akakwera ndi mamita pafupifupi 300 kuwirako kumatsika ndi digiri imodzi. Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, choncho kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, pamene ku Nkhata Bay, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, amawira pa madigiri pafupifupi 98. Musanayambe mayeso, wiritsani madzi mpaka abwate kwambiri, muone pamene themomita yanu yaima, ndipo nambala imeneyo ikhale mzere womalizira wa mbaula zonse ziwiri. Themomitayo ikhale pakati pa madzi osakhudza pansi pa poto. Popeza madzi amawira pa madigiri osiyana malinga ndi malo, mphindi zimene wina wapeza ku Nkhata Bay kapena ku Karonga sizingaikidwe pambali pa zanu ngati kuti ndi mayeso amodzi.

Popeza tikuyesa motsatizana, bwanji ngati imodzi yayesedwa m'mawa kukuzizira, ina masana?

Pali njira ziwiri, ndipo zonse zigwiritsidwe ntchito. Yoyamba ndi kusinthanitsa: lero iyambe yachitsulo, mawa iyambe jiko, kuti pasakhale mbaula imene nthawi zonse imalandira madzi ozizira a m'mawa. Yachiwiri ndi kukonza nthawi ndi masamu, kuti zikhale ngati madzi onse anakwera ndi madigiri 75.

```
nthawi yokonzedwa = mphindi × 75 ÷ (kutentha powira − kutentha poyamba)
```

Tiyerekeze kuti jiko yayesedwa m'mawa wa mu Julayi madzi ali pa madigiri 16, ndipo yawiritsa pa mphindi 24. Madziwo akwera ndi madigiri 80, choncho 24 × 75 ÷ 80 ikutipatsa mphindi 22.5. Yachitsulo yayesedwa masana madzi ali pa madigiri 22, ndipo yawiritsa pa mphindi 23. Apa madzi akwera ndi madigiri 74 okha, ndipo 23 × 75 ÷ 74 ikutipatsa mphindi 23.3. Pa wotchi yachitsulo inaoneka yachangu, koma titakonza zapezeka kuti inangopatsidwa ntchito yopepuka. Njira ina yophweka ndi kutunga madzi onse mumgolo umodzi dzulo lake, kuti kutentha kwake kusasiyane kwambiri.

Tibwereze kangati, ndipo tidziwa bwanji kuti kusiyana kumene tikuona nkwenikweni?

Osachepera katatu pa mbaula iliyonse, ndipo kasanu nkwabwino koposa. Moto wa makala sumayaka mofanana kawiri ngakhale pa mbaula imodzi, chifukwa kasanjidwe ka makala, kamphepo ndi dzanja la wokoleza zimasintha pang'ono nthawi iliyonse. Kubwerezako kumakuonetsani kukula kwa kusinthasintha kumeneku, ndipo kusiyana kwa mbaula ziwiri kumakhulupirika pokhapokha ngati kwaposa kusinthasintha kwa mbaula iliyonse payokha.

Nachi chitsanzo cha kawerengedwe, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza kuti njira ioneke. Tinene kuti pa ntchito yonse, kuwiritsa ndi kusunga moto mphindi 45, mbaula yachitsulo yadya magalamu 410, 450 ndi 430, pamene jiko yadya magalamu 320, 350 ndi 335. Pakati pake yachitsulo ili pa 430 ndipo jiko ili pa 335, kusiyana kwa magalamu 95, kapena magawo 22 pa 100 alionse. Chofunika kuona nchakuti tsiku limene jiko inadya kwambiri, magalamu 350, linali pansi pa tsiku limene yachitsulo inadya pang'ono, magalamu 410. Magulu awiriwa sakukhudzana, choncho tikhoza kunena molimba mtima kuti pa makala jiko yapambana.

Tsopano tione nthawi yokonzedwa ya kuwira. Yachitsulo yatenga mphindi 21, 26 ndi 22, ndipo jiko yatenga 25, 23 ndi 27. Pakati pake ndi 23 ndi 25, ndipo wolemba wopupuluma adzalengeza kuti yachitsulo ndi yachangu ndi mphindi ziwiri. Koma yachitsuloyo payokha yasinthasintha ndi mphindi zisanu, ndipo tsiku lina jiko inawiritsa pa 23 pamene yachitsulo inafikapo pa 26. Manambalawa alowana, choncho chonena choona nchakuti pa liwiro mayesowa sanapeze wopambana. Kulemba kuti "palibe kusiyana koonekera" si kulephera kwa mayeso, ndipo wowerenga wanzeru amakhulupirira kwambiri wolemba amene amatha kunena zimenezi.

Mayeso ena akasokonekera, monga poto kutayikira kapena mvula kuwaza pa mbaula, atayeni nkubwereza, koma mulembe chifukwa chake. Chosaloledwa ndi kutaya mayeso chifukwa chakuti nambala yake siikukusangalatsani.

Ogulitsa ena amatchula mapelesenti a mphamvu ya mbaula. Amawapeza bwanji?

Amayerekeza kutentha kumene kwalowa m'madzi ndi kutentha konse kumene kunali m'makala amene apsa. Kutentha kumeneku kumayezedwa m'makilojulu. Kukweza kilogalamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna makilojulu 4.186, kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumafuna pafupifupi 2,260, ndipo kilogalamu ya makala ouma abwino imakhala ndi pafupifupi 29,000. Ngati malita 2.5 akwera kuchoka pa madigiri 18 kufika pa 96, alandira makilojulu 816, ndipo ngati magalamu 150 auluka ngati nthunzi tionjezerapo 339, zonse pamodzi 1,155. Mbaula imene yadya magalamu 200 pa ntchitoyi yatentha makilojulu 5,800, choncho yafikitsa m'poto magawo 20 pa 100, pamene yodya magalamu 140 yafikitsa magawo 28.

Nambala imeneyi ili ndi msampha wake. Imawerengera nthunzi ngati ntchito yabwino, choncho mbaula yobwatitsa madzi mopyola muyezo imaoneka yamphamvu pamene kwenikweni ikungoumitsa ndiwo. Kwa wogula, magalamu a makala pa chakudya chimodzi ndi nambala yothandiza kuposa pelesenti.

Madzi si chakudya. Kodi zimenezi zikutiuzadi za kuphika kwenikweni?

Zikutiuza gawo chabe, nchifukwa chake pamafunikanso mayeso ophika chakudya chenicheni. Sankhani chakudya chimene banja limadya kawirikawiri, monga nyemba ndi nsima. Nyemba zichokere m'thumba limodzi, popeza zakale zimachedwa kupsa kuposa zatsopano, ndipo muyeze magalamu 500 pa mbaula iliyonse, madzi ofanana, mchere ndi tomato zothiridwa pa nthawi yofanana. Gwirizanani kupsa nkutani musanayambe, mwachitsanzo kuti mwa nyemba khumi zotengedwa ndi chipande, zisanu ndi zinayi zinyenyeke pakati pa zala popanda kukanikiza mwamphamvu. Woweruza kupsako ndi bwino akhale munthu amene sanaone mbaula imene nyembazo zachokera.

Pa nyemba ndi pamene kachitseko ka mpweya kamaonetsa ntchito yake. Pa mbaula yokhomedwa bwino, mukakatseka moto umafatsa m'mphindi zochepa ndipo nyemba zimangotokota. Pa yokhomedwa mwachisawawa kachitsekoko kamasiya mpata m'mbali, moto sumvera, ndipo wophika amakhala akuonjezera madzi ndi makala. Yang'anitsitsaninso mabowo a pansi pa makala, chifukwa akakhala aang'ono amatsekeka ndi phulusa pakati pa kuphika, ndipo akakula kwambiri timakala timagwera pansi tisanapse.

Pa nsima ndi pamene kukhazikika kumaonekera. Onani ngati poto akutsetsereka pa timiyendo tomugwira pamene mthiko ukuzungulira, ngati mbaula ikupendama, ndiponso ngati wophika angathe kuigwira kapena kuiponda m'mbali osapsa. Amene amaphika kondowole, amene amafuna mphamvu zambiri povundula, ayese ndi kondowole yemweyo, chifukwa mbaula yopirira nsima ya ufa woyera ikhoza kugwedezeka pa ntchito imeneyi. Wophika akhale mmodzi pa mbaula zonse, kapena ngati ali awiri, aliyense aphike pa zonse ziwiri.

Ngati jiko ndi yodula, tidziwa bwanji kuti ndalama yoonjezerayo ibwerera?

Tengani makala opulumuka pa tsiku, muwasandutse ndalama, nkugawa kusiyana kwa mitengo ya mbaulazo ndi ndalama imeneyo. Pa chitsanzo chathu chija, magalamu 95 pa kuphika kumodzi, kawiri pa tsiku, ndi magalamu 190, ndipo pa masiku 30 ndi makilogalamu 5.7. Makala sagulitsidwa pa kilogalamu koma pa thumba kapena pa kajumbo, choncho yezani nokha chimene mumagula kuti mudziwe mtengo wa kilogalamu. Tingoyerekeza kuti kilogalamu ikukwana K800 ndipo jiko yaposa inzake ndi K9,000. Pamwezi mupulumutsa K4,560, ndipo ndalama yoonjezerayo ibwerera m'miyezi iwiri. Wogula tijumbo tsiku ndi tsiku amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba lathunthu, choncho kwa iyeyo ndalamayo imabwerera msanga. Polemba, tchulani mwezi ndi msika umene munagula, chifukwa mitengo siikhalitsa, ndipo makala amakwera mtengo m'nyengo ya mvula.

Masamu awa amagwira ntchito ngati mbaulayo ikhala moyo kupitirira miyezi imeneyo. Dongo limang'ambika likagwa, likathiridwa madzi lili lotentha, kapena ngati silinawotchedwe bwino, ndipo chitsulo chopyapyala chimabooka pamene pamakhala makala komanso chimachita dzimbiri chikasiyidwa pamvula. Zimenezi sizioneka pa sabata imodzi. Wolemba woona mtima amanena nthawi imene wakhala ndi mbaulazo ndipo salankhula za kulimba kupitirira pamenepo, koma akhoza kubwereranso patapita miyezi isanu ndi umodzi nkuonjezera zimene waona.

Nanga utsi ndi mpweya woipa, tingaziyeze pakhomo?

Utsi wooneka ndi maso mukhoza kuulemba, makamaka pokoleza, koma choopsa chenicheni cha makala ndi mpweya wa kaboni monokisaidi, umene ulibe mtundu kapena fungo ndipo umapha munthu ali mtulo. Popanda chida choyezera simunganene kuti mbaula iyi imatulutsa wochepa kuposa iyo, ndipo mbaula yosunga makala siikhala yotetezeka chifukwa chongosunga makalawo. Musalembe konse kuti ina mwa izo ndi yoyenera m'nyumba yotseka. Mu Juni ndi Julayi, pamene kuno kumazizira mpaka anthu kulowetsa mbaula kuchipinda kuti aothe, mawu otere akhoza kupweteketsa munthu. Mayeso anunso achitikire pamalo opita mphepo, ndipo mutu ukayamba kupweteka kapena kuchita chizungulire, tulukani panja nthawi yomweyo.

Kodi mbaula imodzi ya mtundu uliwonse ingaimire zonse za mtunduwo?

Siingaimire, makamaka pa katundu wopangidwa ndi manja. Majiko awiri ochokera kwa amisiri awiri amasiyana kukhuthala kwa dongo, kuchuluka kwa mabowo ndi mpata wa pakati pa makala ndi poto. Ngati thumba likulola, gulani ziwiri za mtundu uliwonse kwa ogulitsa osiyana, ndipo ngati silikulola, lembani kuti zotsatirazo ndi za mbaula ziwiri zimene munayesa, mutchulenso miyezo yake. Gulani ngati wogula wamba osanena kuti mukukayesa, chifukwa mmisiri akadziwa amakusankhirani yabwino koposa, imene wowerenga wanu sadzaipeza. Mbaula ikakhala yopatsidwa ulere, kapena wogulitsa ali mbale wanu, zinenedwe kumayambiriro kwa nkhani.

Pomaliza tilengeze bwanji wopambana? Kodi tingopereka malikisi nkuwaphatikiza?

Kuphatikiza malikisi kumabisa zambiri kuposa zimene kumaulula, chifukwa kumayesa mfundo zonse ngati zolemera mofanana kwa munthu aliyense. Ndi bwino kupereka zotsatira za mfundo iliyonse payokha, ndi manambala onse a kubwereza kuja osati apakati okha, kenaka kunena kuti mbaula iti ikuyenera ndani. Potengera chitsanzo chathu, banja lophika nyemba ndi nsima kawiri pa tsiku lingapindule ndi jiko, popeza makala ndiwo amadya ndalama zambiri m'nyumba imeneyo. Wophunzira wochita lendi ku Luwinga, amene amangowiritsa tiyi ndi kukazinga mazira ndipo amasamuka kawirikawiri, akhoza kukhala bwino ndi yachitsulo, yomwe ndi yotsika mtengo, yopepuka, ndiponso yosasweka ikagwa pa kabaza.

Nkhaniyo itchulenso mtundu wa makala, kukula kwa poto, kuchuluka kwa madzi, ngati munavundikira, kutentha kumene madzi anawira, ndi mwezi umene munayesa, kuti munthu wina wa ku Katoto kapena ku Chiputula athe kubwereza zomwezo ndi mbaula zake nkuona ngati apeza zofanana ndi zanu.